Nkhope Imodzi, Mipando Itatu: Bodza Lochulukitsa Anthu pa Chithunzi

Kutatsala masiku ochepa kuti anthu a ku America aponye voti pa 2 Novembala 2004, gulu loyendetsa kampeni ya Pulezidenti George W. Bush linatulutsa kanema wamfupi wokopa anthu pa wailesi za kanema. M'kanemayo munali chithunzi cha khamu la asilikali amene anasonkhana kudzamvera mtsogoleri wawo ku kampu ya Fort Drum, m'chigawo cha New York. Munthu wina wa diso lakuthwa anaimitsa kanemayo pa chithunzicho n'kuyamba kuyang'ana nkhope imodziimodzi. Anapeza kuti kagulu kena ka asilikali kakuoneka malo angapo: nkhope zomwezo, mitu yopendekera mbali yomweyo, aliyense ataima pafupi ndi mnzake yemweyo.

Nkhaniyo itafala, akuluakulu a kampeni sanakane. Anafotokoza kuti pa chithunzi chenichenicho panali Pulezidenti ataima pa nsanja yolankhulirapo, ndipo nsanjayo inkaphimba mbali ina ya khamulo. Wokonza kanemayo anafufuta Pulezidenti ndi nsanja yake, kenako malo amene anatsala opanda kanthu anawadzaza ndi asilikali okopera mbali ina ya chithunzi chomwecho. Iwo ankati palibe amene wanamizidwa, popeza asilikali analipodi ambiri tsiku limenelo. Komabe anasintha kanemayo.

Yankho lawoli ndi limene amapereka pafupifupi aliyense wogwidwa akuchita zimenezi: anthu analipo ndithu, ife tangodzaza mipata kuti chithunzi chikongole. Limamveka ngati lanzeru, koma silingathe kuima likafunsidwa bwino. Chithunzi cha msonkhano chikaikidwa m'nyuzipepala kapena m'lipoti chimakhala chikuyankha funso lakuti kunabwera anthu angati, ndipo mutu uliwonse wowonjezedwa pamanja umasintha yankho la funsolo.

Mmene munthu mmodzi amasandukira atatu

Chithunzi cha pa foni kapena pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri, kalikonse kali ndi mtundu wake. Kamera ya foni wamba imatulutsa chithunzi cha timadontho pafupifupi 12 miliyoni, 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Pulogalamu yokonzera zithunzi siidziwa kuti apa pali nkhope, apo pali mpando. Imangoona manambala a mitundu, ndipo manambala angathe kukopedwa n'kuikidwa pena.

Mu pulogalamu ya Photoshop muli chida chotchedwa `Clone Stamp`, ndipo mu pulogalamu yaulere ya GIMP muli china chofanana nacho chotchedwa `Clone`. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi ka chidindo cha mu ofesi: umachinyika pamalo amodzi, n'kukadinda pena. Mu Photoshop wokonza amagwira batani la `Alt` n'kudina pamutu wa munthu amene akufuna kumukopera. Kenako amapita pa mpando wopanda munthu n'kuyamba kupaka ndi burashi. Pamene burashi ikuyenda, pulogalamu imakopera timadontho tochokera pamalo oyamba aja, motero mutu, mapewa ndi malaya zimamera pang'onopang'ono pa mpando umene unali wopanda kanthu. Chofunika kuchisunga m'mutu n'chakuti mtunda wa pakati pa malo okoperako ndi malo opakapo susintha pamene burashi ikuyenda. N'chifukwa chake munthu sakopedwa yekha kawirikawiri. Amapita ndi mnzake wa kumanja, ndi chigongono cha wa kumanzere, ngakhale ndi botolo la madzi limene linali pansi pa mpando.

Njira ina ndi yodula chigawo chonse, mwina mzere wathunthu wa anthu, n'kuchimata kumbuyo. Wodziwa ntchito sasiyira pamenepo. Amachepetsa chigawocho kuti chioneke kuti chili patali, amachitembenuza kuti wa kumanzere akhale kumanja, amasintha mtundu wa malaya a anthu awiri kapena atatu, n'kufewetsa m'mphepete kuti msoko usaoneke. Pa khamu lojambulidwa chapatali, pamene mutu wa munthu ndi kadontho chabe, ntchito yonseyi imatha tiyi asanazizire m'kapu.

Luso limeneli palokha si loipa. Opanga filimu ya Forrest Gump ya mu 1994 anajambula anthu pafupifupi 1,500 maulendo angapo, akuwasuntha malo, kenako n'kuphatikiza zojambulazo kuti zioneke ngati namtindi wa anthu mumzinda wa Washington. Palibe amene anadandaula, chifukwa wopita kukaonera filimu amadziwa kuti akuonera sewero. Vuto limayamba pamene luso lomweli lalowa m'chithunzi chimene pansi pake palembedwa tsiku, malo ndi dzina la msonkhano.

Chifukwa chake ndi bodza, ngakhale nkhope zonse zili zenizeni

Wowerenga lipoti la msonkhano sanapiteko. Nambala yolembedwa m'nkhani angathe kuikayikira, chifukwa aliyense amadziwa kuti okonza misonkhano amakonda kukweza chiwerengero. Akafuna kutsimikiza amayang'ana chithunzi, ndipo sawerenga mitu. Amangoona ngati pali mipata. Holo yodzaza mpaka kukhomo imamuuza kuti anthu anaifuna nkhaniyi, pamene mizere ya mipando yopanda anthu imamuuza zina. Ndiye kuti mipata imene wokonza chithunzi akuti ndi yonyansa ndiyo mbali ya chithunzi imene ili ndi uthenga. Akaifufuta wafufuta umboni weniweni umene wowerenga amaufuna.

Tibwerere kwa asilikali a ku Fort Drum. N'kutheka kuti kuseri kwa nsanja ija kunalidi asilikali ena, koma kamera sinawaone. Wokonza analoza yekha chimene chinayenera kukhalako, n'kuchiika pakati pa zinthu zimene kamera inaonadi, popanda chizindikiro chosiyanitsa ziwirizi. Woonera alibe njira yodziwira kuti mitu iyi inalipo, iyo ndi yongoganizira. Ngati wokonzayo analoza molondola, unali mwayi chabe, ndipo chithunzi chimene kulondola kwake kwadalira mwayi sichingakhale umboni.

Nkhani ya mpingo wa Scientology imasonyeza kumene njira imeneyi imathera. Kumapeto kwa Disembala 1999 mpingowu unachita msonkhano waukulu m'bwalo la masewera la Los Angeles Sports Arena, ndipo unatulutsa zithunzi zosonyeza bwalolo litadzaza. Munthu wina amene kale anali membala wa mpingowu anazipenda n'kupeza anthu obwerezedwa malo angapo, ena mwa iwo atakopedwa mwaphuma moti anafika pamalo atsopano opanda mutu. Nyuzipepala ya Washington Post inalemba nkhaniyo, ndipo mpingowo unachotsa zithunzizo, n'kunena kuti zinakonzedwa pofuna kuti zioneke bwino. Kuyambira pamenepo anthu sankakambanso za kuchuluka kwa amene anasonkhana, komwe kunali kwakukulu ndithu. Ankakamba za munthu wopanda mutu.

Pali chinanso chimene anthu amaiwala. Munthu wokopedwayo ndi munthu weniweni, wa dzina ndi abale. Anabwera kamodzi, mwina anangobwera kudzamva, mwina anabwera kudzatsutsa. Chithunzi chamugwiritsa ntchito katatu kuchitira umboni chinthu chimene sanafunsidwe.

Tiyerekeze ndi msonkhano umodzi

Misonkhano ya ndale ndiyo imatchuka pa nkhaniyi, koma malipoti ambiri a misonkhano amalembedwa ndi mabungwe, mipingo, makampani ndi masukulu, ndipo amawerengedwa ndi anthu amene ayenera kupanga chiganizo. Tiyeni tiyerekeze ndi bungwe limene lakonza maphunziro a tsiku limodzi a alimi. Labwereka holo ya mipando 200, yoikidwa m'mizere 10 ya mipando 20. Ndalama zonse zimene zalowa, kuphatikizapo holo, zokuzira mawu, mafuta a galimoto ndi aphunzitsi, ndi K2,400,000. Tsikulo lafika, kwabwera anthu 60. Akhala m'mizere itatu ya kutsogolo, mizere isanu ndi iwiri yatsala yopanda munthu.

Wolemba lipoti ali ndi chithunzi chojambulidwa kuchokera pa nsanja. Akuona kuti n'chochititsa manyazi, ndiye akukopera mizere itatu ija n'kuimata kumbuyo kawiri, mzere wotsiriza n'kuudzaza ndi zotsalira. M'lipoti sakulemba nambala iliyonse yabodza. Akungolemba kuti alimi anabwera mwaunyinji, chithunzi n'kuchiika pamwamba.

Wopereka thandizo akalandira lipotilo amaona holo ya mipando 200 yodzaza, ndipo m'mutu mwake amagawa: K2,400,000 kwa anthu 200 ndi K12,000 pa munthu aliyense. Choona n'chakuti ndalamazo zinafikira anthu 60, kutanthauza K40,000 pa munthu, kuposa katatu zimene akuganiza. Ngati pali bungwe lina limene linaphunzitsadi alimi 120 ndi ndalama zofanana, pa K20,000 munthu mmodzi, n'kutumiza chithunzi choona cha holo yokhala ndi mipata, ndilo lidzaoneke lolephera. Chaka chamawa ndalama zidzapita kwa wokopera mitu.

Chotayika chachikulu sichili pa ndalama. Mipando 140 yopanda anthu inali ndi funso lofunika: n'chifukwa chiyani alimi sanabwere? Mwina tsikulo linali la msika. Mwina inali nthawi yopalira ndipo palibe amene akanasiya munda. Mwina uthenga sunadutse kwa mafumu, kapena holoyo ili kutali ndi midzi imene inaitanidwa. Lililonse mwa mayankho amenewa likanathandiza kukonza msonkhano wotsatira. Chithunzi chodzazidwa chimatseka funsolo, ndipo bungwe lomwelo lidzabwereka holo yomweyo m'mwezi womwewo, anthu n'kubweranso 60.

Mmene mungagwirire chithunzi chotere

Kukopera kumasiya mapazi, ndipo ambiri amaoneka ndi maso okha ngati chithunzi chakulitsidwa. Poyambira pabwino ndi pa munthu wosavuta kumukumbukira: mayi wa duku lofiira, bambo wa dazi wovala magalasi, mnyamata amene wakweza dzanja. Mukamupeza, mufunefuneni kwina. Mukapeza wofanana naye musathamangire kuweruza, koma yang'anani anansi ake. Anthu awiri angathe kufanana, makamaka pa chithunzi chosaoneka bwino. Koma ngati mayi wa duku lofiira ali ndi bambo wa jekete kumanja kwake ndi mwana wotsamira kumanzere, ndipo atatu omwewa akupezekanso pamzere wachisanu ndi chimodzi atakhala mofananamo, si mwangozi ayi. Ndi mmene anagwidwira wojambula wa nyuzipepala ya Los Angeles Times, Brian Walski, mu 2003. Iye anaphatikiza zithunzi ziwiri zimene anajambula pafupi ndi mzinda wa Basra ku Iraq, zosonyeza msilikali wa ku Britain ndi anthu wamba atakhala pansi. Cholinga chake sichinali kuchulukitsa anthu, koma wogwira ntchito wina pa nyuzipepala ya Hartford Courant, imene inasindikizanso chithunzicho, anaona kuti anthu ena a kumbuyo akuoneka kawiri. Walski anachotsedwa ntchito.

Chachiwiri ndi kumene maso a anthu alunjika. Pamsonkhano anthu ambiri amayang'ana wolankhula. Wokhala kumanzere kwa holo amatembenuzira mutu chapakati, wokhala kumanja amachitanso chimodzimodzi kuchokera mbali yake. Mukakopera munthu wa kumanzere n'kumuika kumanja, amapezeka akuyang'ana khoma, ndipo gulu lonse lokopedwa naye limayang'ana khoma lomwelo mwachidwi. Wokonza wochenjera amatembenuza chigawocho kuti maso abwerere kwa wolankhula, koma akatero wabweretsa vuto lina. Kuwala kumene kunkachokera pa mawindo a mbali imodzi tsopano kukumenya tsaya lolakwika, mithunzi yaloza kosiyana ndi ya anthu ena onse, ndipo zolembedwa pa malaya kapena pa chipewa zikuwerengeka chobwerera m'mbuyo.

Chachitatu ndi kukula kwa mitu. Munthu amene ali pa mtunda wa mamita 20 kuchokera pa kamera amaoneka theka la kukula kwa amene ali pa mamita 10. M'holo ya m'chitsanzo chathu, mitu iyenera kuchepa pang'onopang'ono kuchokera mzere woyamba kufika wotsiriza. Ngati mzere wachinayi uli ndi mitu yaikulu ngati ya mzere woyamba, kapena mitu ikuchepa n'kukulanso n'kuchepanso, pali dzanja la munthu. N'chimodzimodzi ndi kuoneka bwino kwa nkhope: kamera ikalunjika kutsogolo, a kumbuyo amaoneka mwachimbuuzi, choncho nkhope yakuthwa pakati pa nkhope zachimbuuzi ndi yobwera nayo.

Pomaliza yang'anani m'misoko, pamene chomatidwa chakumana ndi chenicheni. Pamenepo ndi pamene pamapezeka phewa lopanda mwini, mutu wopanda thupi, mwendo wa mpando wothera m'malere, kapena mzere wa simenti ya pansi umene waduka n'kukapitirira pambali.

Makompyuta amachita kafukufuku yemweyu mwachangu. Njira yodziwika, imene Jessica Fridrich ndi anzake anafotokoza mu 2003, ndi yodula chithunzi m'timabokosi ting'onoting'ono tolowana, n'kufunafuna timabokosi tofanana. Kupeza tiwiri tofanana si kanthu, chifukwa thambo kapena khoma loyera limafanana paliponse. Chimene pulogalamu imafuna ndi timabokosi tambiri toyandikana timene tonse tili ndi anzawo pa mtunda umodzimodzi, kulowera mbali imodzimodzi. Uja ndi mtunda wosasintha wa pakati pa malo okoperako ndi malo opakapo, umene chida chokopera chimausiya chokha. Chida chaulere cha pa intaneti chotchedwa Forensically chili ndi gawo la `Clone Detection` limene limalumikiza malo ofanana ndi mizere kuti munthu awaone.

Pamene maso ndi makina zimalephera

Njira zimenezi zili ndi malire, ndipo kuwadziwa kumateteza munthu kuti asanamizire wosalakwa. Khamu lovala zofanana, monga ana a sukulu, asilikali, amayi a chigwirizano kapena otsatira chipani ovala nsalu imodzi, limasokoneza maso ndi makina omwe. Pulogalamu ingathe kuloza malo ambirimbiri ofanana pamene palibe chokopedwa. Chithunzi chachitali chojambulidwa poyendetsa foni kuchokera mbali ina kupita ina chimapangidwa polumikiza zithunzi zingapo, ndipo munthu amene anasuntha pa nthawiyo angathe kuoneka kawiri kapena kudukidwa pakati popanda wina kufuna kunama. Kusiyana kwake n'kwakuti zolakwika zotere zimakhala pa mzere umene zithunzi zalumikizana, ndipo sizisankha kudzaza mipando yopanda anthu yokha.

Mbali inayo, chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp maulendo angapo chimakhala chitachepetsedwa ndi kufinyidwa, moti tizizindikiro ta m'misoko timafufutika. Chigawo chimene chatembenuzidwa, kuchepetsedwa ndi kusinthidwa mtundu chimatha kudutsa njira ya timabokosi ija osagwidwa. Ndipo kuyambira mu 2023 Photoshop ili ndi chida cha `Generative Fill`, chimene sichikopera munthu aliyense koma chimapeka anthu atsopano amene sanakhaleko. Pa chithunzi chotere simudzapeza mayi wa duku lofiira kawiri. Bodza ndi lomwelo, koma mapazi ake ndi ena.

N'chifukwa chake umboni wamphamvu supezeka mkati mwa chithunzi chimodzi. Umapezeka pochiyerekeza ndi zina. Msonkhano uliwonse masiku ano umajambulidwa ndi mafoni ambiri, kuchokera mbali zosiyanasiyana. Mu Julayi 2008 nthambi yofalitsa nkhani ya asilikali a Revolutionary Guards ku Iran inatulutsa chithunzi cha mizinga inayi ikuuluka, ndipo nyuzipepala zikuluzikulu za ku America zinachiika patsamba loyamba. Utsi wa mzinga umodzi unali wofanana ndi wa inzake, koma chimene chinathetsa mkangano ndi chithunzi china cha mphindi yomweyo, chosonyeza mizinga itatu m'mwamba ndi umodzi uli pansi, usananyamuke. Pa khamu la anthu njira ndi yomweyo: funsani chithunzi china, kanema, kapena fayilo yoyambirira yochokera m'kamera.

Kuyerekeza kotere kumatetezanso zithunzi zoona. Mu Ogasiti 2024 Donald Trump ananena kuti khamu limene linalandira Kamala Harris pa bwalo la ndege pafupi ndi Detroit linali lopangidwa pa kompyuta. Zithunzi ndi makanema a atolankhani ambiri amene analipo zinasonyeza kuti anthuwo analipodi. Koma kuti mawu otere amveke ngati otheka, n'chifukwa chakuti anthu anaonapo makamu abodza. Aliyense wokopera mitu amapereka chida kwa amene akufuna kukana khamu lenileni.

Mzere umene atolankhani amaulemekeza

Mabungwe akuluakulu a nkhani monga Reuters ndi Associated Press amalola wojambula kudula m'mbali mwa chithunzi, kuwalitsa kapena kudetsa pang'ono, ndi kuchotsa timadontho ta fumbi la m'kamera. Salola kuwonjezera kapena kuchotsa chinthu chilichonse chimene chinali pamalopo. Mu Ogasiti 2006 Reuters inapeza kuti wojambula wina, Adnan Hajj, anakopera utsi pa chithunzi cha mzinda wa Beirut utaphulitsidwa kuti uoneke wochuluka ndi wakuda kwambiri. Bungwelo linasiya kugwira naye ntchito n'kuchotsa zithunzi zake zonse 920 m'nkhokwe yake. Zambiri mwa izo n'kutheka kuti zinali zoona, koma panalibenso amene akanazikhulupirira popanda kuzipenda chimodzichimodzi.

Tisanamizane, munthu angathe kusocheretsa owerenga osakopera mutu ngakhale umodzi. Kujambula mizere itatu yodzaza ija chapafupi, mipando yopanda anthu n'kuisiya kunja, kumabisanso choona. Kusiyana kulipo komabe. Chithunzi chodulidwa chimaonetsa gawo la zimene zinalipo, ndipo wowerenga wochenjera amadziwa kuti kunja kwa malire ake kuli zina zimene sakuziona, choncho angathe kufunsa. Chithunzi chokopedwa chimamuonetsa holo yonse n'kumuuza kuti palibe chotsala choti afunse. Lipoti loona limapewa zonse ziwiri poika chithunzi chimodzi chotambalala, chojambulidwa kuchokera kumbuyo kapena pamalo okwera, chosonyeza malo onse pa nthawi imene anthu anachuluka kwambiri, ndi kulemba nthawiyo pansi pake.

Kuwerenga m'malo mokopera

M'holo kuwerenga n'kosavuta: kaundula wa pakhomo, matikiti, kapena mizere kuchulukitsa ndi mipando. Pabwalo pali njira imene Herbert Jacobs, mphunzitsi wa utolankhani pa yunivesite ya California ku Berkeley, anakonza m'zaka za m'ma 1960. Ofesi yake inali pamwamba pa bwalo limene ophunzira ankachitirapo zionetsero, ndipo pansi pa bwalolo panali mizere yoligawa m'mabokosi. Iye ankawerenga anthu m'mabokosi angapo, n'kupeza chiwerengero cha pakatikati, n'kuchulukitsa ndi mabokosi onse amene munali anthu. Anapeza kuti pa khamu lotayana, loti aliyense angathe kutambasula dzanja, pamakhala munthu mmodzi pa sikweyamita imodzi. Pa khamu lothithikana pamakhala anthu awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo pa khamu lopanikizana zedi pamakhala anthu pafupifupi anayi.

Bwalo la mpira la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi lili ndi masikweyamita 7,140. Likadzaza lonse ndi khamu lotayana muli anthu pafupifupi 7,000. Likathithikana muli pafupifupi 17,000, ndipo anthu akapanikizana zedi muli pafupifupi 30,000. Choncho lipoti likanena kuti anthu 100,000 anasonkhana pa bwalo la mpira la pasukulu, masamu okha akukana musanayang'ane n'komwe chithunzi. Ndipo ngati anthu anadzaza theka la bwalolo, othithikana kutsogolo ndi otayana kumbuyo, wolemba woona amagawa malowo pawiri. Kota ya bwalo ndi masikweyamita 1,785. Kota ya kutsogolo, pa anthu awiri ndi theka pa sikweyamita, ikupereka pafupifupi 4,500, ndipo kota ya kumbuyo, pa munthu mmodzi, ikupereka pafupifupi 1,800. Onse pamodzi ndi anthu 6,000 ndi mazana angapo, ndipo wolemba anganene kuti panali pakati pa 6,000 ndi 7,000.

Nambala yotereyi si yolondola mpaka pa munthu mmodzi, ndipo akatswiri amasiyana ngakhale atagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba. Pa msonkhano wa Million Man March ku Washington mu 1995, nthambi ya boma yoyang'anira malowo inati panali anthu 400,000, pamene akatswiri a pa yunivesite ya Boston, atapendanso zithunzi, anati panali pafupifupi 837,000. Kusiyana kwake n'kwakukulu, koma mkanganowo unali wotheka kuukamba, chifukwa mbali zonse zinkawerenga anthu enieni pa zithunzi zimene palibe anazisintha. Wina akanatha kuloza kuti apa mwayeza malo molakwika, apo mwachepetsa kuthithikana.

Chithunzi chokopedwa chimachotsa mwayi umenewo, chifukwa palibenso chinthu chokhazikika chimene anthu awiri osagwirizana angawerengere limodzi. Choncho mkonzi, mkulu wa bungwe kapena msungichuma wa mpingo amene walandira lipoti la msonkhano ali ndi zinthu zitatu zoti apemphe asanasaine: nambala ya anthu pamodzi ndi njira imene inapezedwera, chithunzi chotambalala chosonyeza malo onse, ndi fayilo yoyambirira monga inatulukira m'kamera. Amene anawerenga anthu 60 n'kulemba 60 amapereka zitatuzi tsiku lomwelo.